Nthunzi pa makina otenthetsa nyumba si chizindikiro cha moto

Amalawi amene akukhala ku Mangalande ayamba kupeza nyumba zimene zikutenthetsedwa ndi hiti pampu, bokosi lokhala ndi fani limene limaikidwa panja pafupi ndi khoma. M'nyengo yachisanu bokosili limachita zinthu zodabwitsa. Fani imaima mwadzidzidzi, mumamveka kufwenkha kwa mpweya, nthunzi imafuka ngati utsi ndipo madzi amadontha pansi. Munthu wosadziwa amathamangira kukazimitsa magetsi poganiza kuti makina akupsa, chonsecho akungodzichotsa ayezi.

Kuti zimenezi zimveke, tiyambire pa furiji ya m'nyumba. Mukagwira kumbuyo kwake mumamva kutentha. Kutenthako kwachokera m'zakudya zimene zili mkati, ndipo furiji yangokusamutsira kunja. Hiti pampu imachita chimodzimodzi, kungoti imatenga kutentha mumpweya wa panja n'kukulowetsa m'nyumba. Ngakhale kunja kuzizire bwanji, mumpweya mumakhalabe kutentha, ndipo kutentha nthawi zonse kumayenda kupita kumene kwazizira kwambiri. Ntchito ya makinawa ndi kuonetsetsa kuti mapaipi ake a panja ndi ozizira kuposa mpweyawo.

M'mapaipimo mumazungulira mankhwala amene amawira msanga. Ena mwa iwo, otchedwa R290, amawira pa madigiri 42 pansi pa ziro akakhala osapanikizidwa. Akamawira n'kusanduka gasi amayamwa kutentha, monga mmene sipiriti imaziziritsira khungu ikamauma. Kenako kompuresa imapanikiza gasiyo mpaka kutentha kwambiri. Aliyense amene anapopapo tayala la njinga amadziwa mmene pampu imatenthera m'manja. Gasi wotenthayo amasiya kutentha kwake m'madzi oyenda m'mapaipi a m'nyumba, amasandukanso madzimadzi, n'kudutsa pa kabowo kakang'ono kamene kamatsitsa mphamvu yake kuti akawirenso panja. Magetsi amangoyendetsa kompuresa ndi fani, n'chifukwa chake yuniti imodzi ya magetsi imatha kulowetsa m'nyumba kutentha kwa mayuniti pafupifupi atatu.

Nanga ayezi amachokera kuti? Tiyerekeze kuti kunja kuli madigiri 3 ndipo kwagwa chifunga. Kuti mapaipi a panja ayamwe kutentha, ayenera kuzizira kuposa pamenepo, mwina kufika madigiri 4 pansi pa ziro. Chinyezi cha mumpweya chimakhala pa mapaipiwo ngati mame a pa botolo la chakumwa chozizira, koma pano mamewo amaundana. Pang'onopang'ono ayezi amatseka mipata ya timalata topyapyala timene mpweya umadutsamo, ndipo makina amayamba kudya magetsi ambiri koma kutentha kolowa m'nyumba kukuchepa. Chodabwitsa n'chakuti tsiku lachifunga ngati limeneli limabweretsa ayezi wambiri kuposa tsiku lozizira koopsa koma louma, pakuti mpweya wozizira kwambiri sunyamula chinyezi chochuluka.

Makina akazindikira kuti mapaipi aundana, valavu ina imatembenuza njira ya gasi, ndipo kufwenkha kuja kumamveka nthawi imeneyi. Gasi wotentha amapita ku mapaipi a panja. Fani imaimitsidwa dala kuti isaulutse kutenthako. Ayezi amasungunuka, madzi amayenderera, ndipo ena amasanduka nthunzi yoyera yopanda fungo. Kutentha kosungunulira ayeziko amabwereka m'madzi a m'nyumba, choncho mapaipi a m'chipinda amatha kuzizirako pang'ono. Makina ena amaonetsa `dF` pa sikirini. Kawirikawiri zonsezi zimatenga mphindi 5 mpaka 10, ndipo pa tsiku lachinyezi zingathe kubwerezedwa pafupifupi ola lililonse. Kuzimitsa makina ali pakati pa ntchitoyi n'kulakwitsa, chifukwa madzi otsala amaundananso n'kukhala ayezi wolimba kuposa woyamba uja.

Vuto lenileni limaoneka mosiyana. Ayezi wabwinobwino ndi wopyapyala, woyera ngati ufa, ndipo amatha makina akamaliza kusungunula. Ngati bokosi lonse lakutidwa ndi ayezi wochindikala kwa maola ambiri, kapena fani ikukhula ayezi, kapena makina akusungunula pakangopita mphindi zochepa pamene nyumba sikutentha, pali chimene chalakwika. Mwini nyumba angathe kuona yekha ngati masamba atseka kumbuyo kwa bokosi, ngati madzi a padenga akugwera pamenepo, ndiponso ngati ngalande ya pansi yatsekeka moti madzi akuundana chokwera. Zonsezi zikakhala bwino, ndiye kuti mwina mankhwala aja achucha, kapena kachipangizo koyeza kuzizira kafa, kapena valavu yakakamira, ndipo imeneyo ndi ntchito ya mmisiri. Musagobe ayezi ndi mpeni kapena sikuludilaiva. Mapaipi ake ndi opyapyala ndipo R290 amayaka moto akachucha.