Kompyuta ikagula yokha, mtengo amasankha ndani?

Pa 1 Ogasiti 2012, pulogalamu ya kampani ya Knight Capital ku America inatumiza malamulo olakwika pamsika wa masheya, ndipo m'mphindi pafupifupi 45 inaluza madola oposa 440 miliyoni. Kompyuta siima kuti idabwe ndi mtengo. Imangotsatira zimene yauzidwa.

Tiyerekeze kuti pulogalamu ikufuna masheya 1,000, koma pamsika alipo 200 okha a madola 50, ena onse ndi a madola 52. Lamulo la `market` limagula onsewo nthawi yomweyo, ndipo pa avareji sheya imodzi imatuluka madola 51.60. Lamulo la `limit` loikidwa pa 50 limagula 200 okhawo n'kudikira. Apa m'pamene ambiri amapunthwa: pulogalamu yosafunsa kaye kuti agulidwa angati imatha kutumizanso 1,000 ena, loyamba lija likadali pamzere.

Lamulo la `stop` ndi msampha wotchera. Likaikidwa kuti ligulitse pa 48, limakhala phee mpaka mtengo ufike pamenepo, kenako limasanduka `market`. Msika ukatsegulidwa m'mawa mtengo utagwera kale pa 44, masheyawo amapita pafupi ndi 44, osati 48.