Ndime Imodzi Yofotokoza Pulojekiti Yanu mu Kalata Yofunsira Masitazi

Ku chipatala cha Queen Elizabeth mu Blantyre, makanda obadwa masiku asanakwane ankavutika kupuma, koma makina owathandiza a kunja anali odula kwambiri. Akatswiri a ku Rice University ya ku America pamodzi ndi madokotala a pachipatalapo anapanga makina otsika mtengo, amene pambuyo pake anatchedwa Pumani, pogwiritsa ntchito timapampu topopera mpweya m'zosungiramo nsomba. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2014 anaonetsa kuti makanda 71 pa 100 aliwonse amene anaikidwa pa makinawa anapulumuka, pamene mwa amene anangopatsidwa mpweya wa okosijeni anapulumuka 44 pa 100.

Ziganizo zitatu zokhazi zanena vuto, chimene chinkalepheretsa, njira imene inasankhidwa ndi zotsatira zake. Umu ndi momwe wophunzira wa uinjiniya kapena sayansi ya kompyuta amayenera kufotokozera pulojekiti yake pofunsira malo a digiri ya masitazi, mu kalata imene mafomu a mayunivesite amaitcha Statement of Purpose. Ambiri apa ndi pamene amaphonya, ngakhale ntchito anaigwira bwino.

Malo ndi ochepa. Yunivesite ya California ku Berkeley imalangiza kuti kalatayi ikhale ya mawu 500 mpaka 1,000, ndipo mbiri ya moyo wa wofunsirayo imaifuna pa kalata ina. Mukachotsa mawu oyamba, zolinga zanu ndi chifukwa chosankhira sukuluyo, pulojekiti iliyonse imatsala ndi ndime imodzi ya mawu pafupifupi 120 kapena 150. Mapulojekiti awiri ofotokozedwa mozama amakwana. Asanu ongotchulidwa mayina sathandiza, popeza mayinawo ali kale pa sivi.

Tiyerekeze mtsikana amene wamaliza uinjiniya wa zamagetsi ku MUBAS. M'chaka chomaliza, iye ndi anzake atatu anapanga kachipangizo koyeza madzi m'thanki ya malita 5,000 n'kutumiza meseji pa foni madzi akatsala pang'ono. Kalatayo idzakhala m'Chingerezi, koma zimene ambiri amayamba kulemba zimamveka chonchi: "Tinapanga makina amakono oyeza madzi pogwiritsa ntchito Arduino, HC-SR04 ndi SIM800L. Pulojekitiyi inayenda bwino kwambiri ndipo inandiphunzitsa kugwira ntchito ndi anzanga."

Pulofesa wowerenga ndimeyi sapezamo munthu. Zipangizo zitatuzi aliyense akhoza kugula, ndipo malangizo a kulumikiza kwake ali ponseponse. Mawu oti "tinapanga" akubisa chimene mtsikanayu anachita ndi manja ake, ndipo "inayenda bwino" sakunena kuti anayesa bwanji.

Chimene wasiya n'chimene chinamusowetsa tulo. Sensa ya HC-SR04 imayeza mtunda potumiza kaphokoso kosamveka ndi khutu, n'kuwerenga nthawi imene kakutenga kuti kagunde pamadzi n'kubwerera. Mapulogalamu ambiri amatenga liwiro la phokoso ngati losasintha, mamita 343 pa sekondi. Koma liwirolo limakwera ndi mamita pafupifupi 0.6 pa sekondi pa digiri iliyonse ya kutentha. M'thanki ya pulasitiki yakuda, mpweya ukhoza kukhala pa madigiri 15 m'mamawa n'kufika 35 masana. Pa mtunda wa mamita awiri, thanki ikatsala pang'ono kuuma, muyeso umasuntha ndi masentimita pafupifupi 7 madzi asanatungidwe n'komwe. M'thanki yaikulu chotere, amenewa ndi malita pafupifupi 180, zigubu 9 za malita 20. Ndipo cholakwikacho chimakula nthawi yomwe meseji ikufunika kwambiri.

Ngati mtsikanayu ndiye anaona kuti manambala akusintha motsatira dzuwa, napeza chifukwa chake, ndime yake iyenera kuima pamenepo. Ikhoza kumveka motere, manambala a zotsatirawa ali ongoyerekeza:

"M'gulu la anthu anayi, ine ndinali ndi udindo wa sensa ndi pulogalamu ya kachipangizo kochenjeza madzi akamatha m'thanki. Titakaika panja, muyeso unkasuntha ndi masentimita 7 pakati pa m'mawa ndi masana. Nditayerekeza ndi tepi yoyezera kwa masabata awiri, ndinapeza kuti gwero lake ndi kutentha kwa mpweya m'thankimo. Ndinawonjezera sensa ya kutentha ya DS18B20 n'kukonza pulogalamu kuti iziwerengera liwiro la phokoso nthawi iliyonse, ndipo kusiyana kunatsika kufika pa masentimita awiri. Chinyezi cha m'thanki chinawononga sensa yoyamba, ndipo vuto limenelo sitinalithetse. Ndi lomwe landichititsa kufuna kuphunzira kapangidwe ka zipangizo zolimba pa malo ovuta."

Ndimeyi sinafike ngakhale mawu 120, koma wowerenga wadziwa kukula kwa gulu, gawo la wolembayo, m'mene anafufuzira, chimene anasankha ndi malire a ntchitoyo. Mayina a Arduino ndi SIM800L achoka chifukwa sanali pakati pa nkhani. Dzina la chipangizo limayenera kutsala pokhapokha ngati likufotokoza chiganizo chimene munthu anapanga.

Mawu oti "ine" amavuta ambiri kuno kwathu, kumene mwana amakula akuuzidwa kuti asamadzitame. Komatu komiti ikusankha munthu mmodzi, osati gulu lonse. Kunena gawo lako molondola si kudzikweza, ndipo kumateteza wolembayo ku chiyeso chotenga ntchito ya anzake ngati yake. Mphunzitsi amene anayang'anira pulojekitiyo nthawi zambiri ndi amene amalemba kalata yochitira umboni, choncho makalata awiriwo akasemphana, komiti imaona. Kutchula chimene chinakanika nakonso kumaopsa ena, koma aphunzitsi a uinjiniya amadziwa kuti palibe chipangizo chimene chimagwira bwino pa ulendo woyamba, ndipo ndime yopanda chilema chilichonse imawakayikitsa.

A sayansi ya kompyuta ali ndi msampha wawo, womwe ndi nambala yoima yokha. Wina amalemba kuti pulogalamu yake imazindikira matenda pa masamba a chimanga molondola ka 95 pa 100. Koma ngati zithunzi 95 pa 100 zoyesera zinali za masamba abwinobwino, pulogalamu yongoyankha kuti "palibe matenda" nthawi zonse ikanapezanso 95. Nambalayo imakhala ndi tanthauzo ikaperekezedwa ndi kuchuluka kwa zithunzi, kumene zinachokera, ndi zimene njira yosavuta ikanapeza. Kuyenera kunenedwanso ngati zithunzi zoyesera zinali zosiyana ndi zophunzitsira pulogalamuyo. Kuika adiresi ya GitHub n'kwabwino, koma ndime iyenera kumveka yokha kwa munthu amene satsegula adiresiyo.

Chiganizo chomaliza cha ndime chimalumikiza pulojekiti ndi sukulu imene ikufunsiridwa. Wofunsira ku Carnegie Mellon University Africa ku Kigali, imene inakhazikitsidwa mu 2011 ndipo ili ndi masitazi a uinjiniya wa zamagetsi ndi makompyuta, ayenera kutsegula mndandanda wa maphunziro awo n'kutchula kosi kapena labu yeniyeni yokhudza vuto limene linamukanika. Gawo limeneli limalembedwa mwatsopano pa sukulu iliyonse, pamene mbali yofotokoza pulojekiti ikhoza kukhala yomweyo.

Asanatumize, wolembayo apereke ndimeyo kwa mnzake wa dipatimenti ina, monga wa uinjiniya wa zomangamanga, aiwerenge kamodzi n'kuibisa. Kenako amufunse mafunso atatu: vuto linali chiyani, ine ndinachita chiyani, chinasintha n'chiyani? Mnzakeyo akangokumbukira mayina a zipangizo, ndimeyo ilembedwenso kuyambira pa vuto.