Kuletsa malipiro a domeni ndi hositingi popanda kutaya webusaiti kapena imelo

Webusaiti ya bizinesi imadalira zinthu zitatu zimene nthawi zambiri zimalipiridwa pamodzi, ngakhale kuti chilichonse n'chapachokha. Choyamba ndi domeni, dzina limene anthu amalemba pofuna kufika pa webusaitiyo, monga example.com. Chachiwiri ndi hositingi, malo a pa kompyuta yaikulu yotchedwa seva, pomwe pamasungidwa masamba, zithunzi ndi zolemba. Chachitatu ndi bokosi la imelo, limene limalandira makalata opita ku adiresi monga info@example.com. Hositingi ili ngati sitolo ya lendi: munthu akhoza kusamutsa katundu n'kupita kwina makasitomala n'kumutsatira, bola dzina limene amamudziwa nalo likhalebe lake. Motero lamulo lalikulu poletsa malipiro ndi lakuti hositingi ikhoza kusiyidwa zinthu zikasamutsidwa, koma domeni siyenera kutha ngakhale tsiku limodzi ngati mwini wake akufunabe webusaiti ndi imelo yake.

Zimene zimachitika domeni ikatha

Domeni sigulidwa kamodzi n'kukhala ya munthu mpaka kalekale. Imalembetsedwa kwa nthawi yoikika, kuyambira chaka chimodzi mpaka zaka 10, kudzera ku kampani yolembetsa mayina. Mayina othera ndi .com, .net ndi .org amatsatira malamulo a bungwe la ICANN, lomwe linakhazikitsidwa mu 1998. Malamulowa amati kampani ikumbutse mwini dzina kawiri lisanathe, kutatsala mwezi umodzi komanso kutatsala sabata imodzi, ndipo imukumbutsenso pasanathe masiku 5 dzinalo litatha.

Tsiku likadutsa popanda malipiro, webusaiti imasiya kuoneka, kawirikawiri m'malo mwake mumabwera tsamba la kampani yolembetsayo, ndipo makalata amasiya kufika. Kampani ikhoza kusunga dzinalo kwa masiku osapitirira 45, koma makampani ambiri amapereka nthawi yochepera pamenepo, ndipo ena amaligulitsa kwa munthu wina nthawiyo isanathe. Dzina likafufutidwa pamakhala masiku 30 oliwombola, koma pa mtengo woposa kangapo wa chaka chonse. Kenako pamadutsa masiku 5 amene palibe angalikhudze, ndipo akatha aliyense akhoza kulilembetsa. Wolitengayo akhoza kutsegulanso adiresi zakale za imelo n'kumalandira makalata a mwini woyamba, kuphatikizapo osinthira mapasiwedi a maakaunti ena. Mayina a mayiko, monga .mw wa Malawi ndi .zm wa Zambia, ali ndi malamulo awoawo, choncho masiku amenewa sayenera kuwerengeredwa pa iwo.

Kuzimitsa malipiro ndi kutseka akaunti n'zosiyana

Mu akaunti ya kampani iliyonse mumakhala batani lolembedwa Auto-renew. Likakhala loyatsa, kampani imadula yokha ndalama pa khadi la kubanki, nthawi zambiri masiku angapo tsiku lomaliza lisanakwane. Kulizimitsa sikufufuta kanthu: ntchito imapitirira mpaka nthawi yolipiridwa itatha. Batani lina, lolembedwa Cancel kapena Delete, kumakampani ena limatseka ntchito nthawi yomweyo n'kufufuta mafayilo ndi makalata. Pakakhala kusankha pakati pa kutseka pompo ndi kutseka nthawi yolipiridwa ikatha, chachiwiricho ndiye chotetezeka.

Msampha wina uli pa domeni yoperekedwa ulere pamodzi ndi hositingi. Ulerewo umakhala wa chaka choyamba kapena umadalira kuti hositingi ipitirire, ndipo kuletsa chimodzi kukhoza kuzimitsa malipiro a zonse ziwiri. N'chifukwa chake chinthu chilichonse chiyenera kuonedwa pachokha, pamodzi ndi tsiku lake lothera.

Chitsanzo: nyumba yogona alendo imene ikusamuka

Nyumba ina yogona alendo, mongoyerekezera, ili ndi webusaiti ya WordPress pa example.com ndi mabokosi awiri a imelo. Domeni, hositingi ndi imelo zonse zili ku kampani imodzi ndipo zikutha pa 30 Novembala. Mtengo wa chaka chatsopano wakwera, ndiye mwini wake akufuna kupita ku kampani ina. Ntchito yotere imayambika kumayambiriro kwa Okutobala, kuti pakhale nthawi yokonza zolakwika zakale zisanatsekedwe.

Gawo loyamba ndi kutsimikizira kuti dzinalo ndi la ndani. Kawirikawiri wopanga webusaiti amalembetsa domeni mu akaunti yake, mwini bizinesi osadziwa. Tsamba la lookup.icann.org limasonyeza kampani imene inalembetsa dzinalo ndi tsiku limene likutha, ngakhale kuti dzina la mwini limabisidwa nthawi zambiri. Umboni weniweni ndi kutha kulowa mu akauntiyo. Imelo ya akauntiyo isakhale ya pa domeni yomweyo, chifukwa dzina likatha, makalata ochenjeza ndi osinthira pasiwedi amapita ku bokosi limene lafa kale.

Gawo lachiwiri ndi kukopera webusaiti. WordPress imasunga zinthu m'malo awiri. Zithunzi ndi maonekedwe a masamba zili m'mafayilo, makamaka mu foda ya wp-content, pomwe zolemba zonse ndi maakaunti a olowa zili mu detabesi, nkhokwe imene pulogalamuyo imawerenga posonyeza tsamba. Wokopera mafayilo okha amapeza webusaiti yopanda mawu. Mu cPanel, pulogalamu imene makampani ambiri a hositingi amagwiritsa ntchito, gawo la Backup limapereka zonse ziwiri, ndipo detabesi ikhozanso kutulutsidwa ndi phpMyAdmin ngati fayilo yothera ndi .sql. Zokoperazo zimaikidwa pa seva yatsopano n'kuyesedwa pa adiresi yongoyembekezera imene kampani yatsopano imapereka. Izi sizitheka pa makampani opangira webusaiti m'kati mwa dongosolo lawo lokha, monga Wix: kumeneko munthu amachoka ndi domeni, zolemba ndi zithunzi, koma masambawo amamangidwanso.

Gawo lachitatu ndi imelo, ndipo apa ndi pomwe zambiri zimatayika. Adiresi imatsatira domeni, koma makalata akale amakhala pa seva yakale. Ngati foni kapena kompyuta imawerenga makalata mwa njira ya IMAP, zimene zimaoneka ndi galasi chabe la zomwe zili pa seva, ndipo seva ikafufuta bokosi makalatawo akhoza kusowanso pa foni. Njira yosavuta ndi kutsegula mabokosi a mayina omwewo ku kampani yatsopano, kulumikiza akale ndi atsopano mu pulogalamu monga Thunderbird, kenako n'kukopera mafoda onse, kuphatikizapo a makalata otumizidwa. Kope lina limasungidwa pa kompyuta. Mabokosi atsopanowa ayenera kukhalapo dzina lisanalozetsedwe kwina. Seva yotumiza kalata ikapeza kuti seva yolandira sikuyankha, imayesabe kwa masiku angapo. Koma ikauzidwa kuti adiresiyo kulibe, imabweza kalatayo nthawi yomweyo ndipo siyesanso.

Kulozetsa dzina ku seva yatsopano

Chimene chimalumikiza dzina ndi seva ndi dongosolo la DNS. M'menemo muli mizere ingapo: mzere wa A umanena nambala ya seva ya webusaiti, mzere wa MX umanena seva yolandira makalata, ndipo mizere ya TXT imasunga zizindikiro za SPF ndi DKIM zotsimikizira kuti kalata yachokeradi kwa mwini dzina. Mizere yonse iyenera kulembedwa pena isanasinthidwe. Iliyonse ili ndi nambala ya TTL, masekondi amene makompyuta ena amakumbukira yankho lakale. Mu cPanel nambalayi kawirikawiri imakhala 14400, omwe ndi maola 4. Kuitsitsa kufika pa 300 kutatsala tsiku limodzi kumachititsa kuti kusintha kufalikire m'mphindi zochepa.

Ngati mizereyi imasungidwa ndi kampani yakale ya hositingi, imatha limodzi ndi hositingiyo, ngakhale domeni ikhale yolipiridwa. Pamenepa pamafunika kusintha maseva a DNS enieniwo, pa malo olembedwa Nameservers, ndipo kusintha kumeneku kukhoza kutenga maola 48. Malamulo awiri awa amasonyeza komwe dzina likuloza:

```
nslookup -type=NS example.com
nslookup -type=MX example.com
```

Mayankho akatchula kampani yakale, ndiye kuti kusamuka sikunathe. Zizindikiro zina zimaloza pomwe pali vuto. Webusaiti ikamaoneka koma makalata osafika, cholakwika chili pa MX. Makalata otumizidwa akamagwera mu Spam, SPF kapena DKIM zaiwalika. Tsamba likamachenjeza kuti si lotetezeka, satifiketi ya SSL sinaikidwe pa seva yatsopano. Kwa masiku angapo makalata ena amafikabe m'bokosi lakale, choncho limayenera kuonedwa ndi kukoperedwanso komaliza.

Kusamutsa domeni ndi kutseka zakale

Domeni ikhoza kutsala ku kampani yakale n'kumalipiridwa payokha, chifukwa palibe lamulo loti ikhale komwe kuli hositingi. Ngati nayonso ikusamuka, mwini amachotsa loko amene amaoneka ngati clientTransferProhibited, n'kupempha mawu achinsinsi osamutsira, olembedwa Auth Code kapena EPP Code, omwe kampani iyenera kupereka pasanathe masiku 5. Mawuwo amaperekedwa ku kampani yatsopano pamodzi ndi malipiro, ndipo pa mayina ngati .com malipirowo amawonjezera chaka chimodzi pa tsiku lothera. Kusamukako kumatenga pafupifupi sabata. Kukhoza kukanidwa ngati dzinalo linalembetsedwa kapena kusamutsidwa m'masiku 60 apitawo, ndipo kusintha dzina kapena imelo ya mwini kukhozanso kubweretsa loko wa masiku 60. Tsiku lothera likayandikira kwambiri, ndi bwino kulipirira domeni chaka china kaye n'kuisamutsa pambuyo pake, patadutsa masiku 45 kuchokera pa tsiku lothera lakalelo kuti chaka cholipiridwacho chisatayike.

M'chitsanzo cha nyumba ya alendo ija, webusaiti ndi makalata zimasamuka pofika pakati pa Okutobala, DNS imasinthidwa sabata yotsatira, ndipo domeni imasamuka kumayambiriro kwa Novembala. Auto-renew ya hositingi yakale imazimitsidwa msanga, kampani isanadule ndalama, koma akauntiyo imasiyidwa mpaka itatha yokha pa 30 Novembala. Zowonjezera monga satifiketi yolipira kapena mabokosi apadera a imelo zimakhala ndi mabatani awoawo, ndipo chilichonse chimazimitsidwa pachokha. Kalata yotsimikizira kuletsako imasungidwa, chifukwa ndiyo umboni ngati ndalama zingadulidwe molakwika. Ku kampani yatsopano, Auto-renew ya domeni imasiyidwa yoyatsa, pa khadi limene silinathe ntchito komanso lololedwa kulipira kunja.