Polowa nʼchitseko, potuluka nʼkamzere kotuwa

Amene anakulira kufupi ndi mtsinje amaudziwa mono. Kukamwa kwake nʼkotakata, nsomba imalowa ikuyesa yapeza gaga waulere, koma ikati itembenuke imapeza kuti njira ija yatha. Masiku ano mono wotere akuutchera mʼmafoni mwathu, ndipo mwezi wathawu ndinapeza achemwali anga alimo.

Achemwaliwa amagulitsa nsapato ndi zitenje ku Limbe. Mnzawo wina anawaonetsa apu yokonzera zithunzi za malonda, zija mumaika mtengo ndi dzina la shopu nʼkutumiza pa WhatsApp. Pa tsamba la kampaniyo panalembedwa kuti yesani ulere masiku 7, kenako madola 10 pamwezi. Analemba nambala ya khadi lawo la ku banki, ntchito yosakwana mphindi ziwiri. Atayesa sabata imodzi anaona kuti mwana wawo amajambula bwino kuposa apuyo, ndiye anangoifufuta mʼfoni nʼkuiwalako.

Patapita miyezi itatu anandiimbira. “Achimwene, bwerani mudzandionere, kuli wina akundidyera ndalama ku banki.” Titaona sitetimenti tinapeza kuti madola 10 achoka katatu. Kufufuta apu mʼfoni sikuthetsa pangano. Panganolo limakhala mʼmakompyuta a kampani pamodzi ndi nambala ya khadi lanu, ndipo tsiku likakwana amangotapa, kaya foni ija munaigulitsa kalekale. Kumbukiraninso kuti ngongole yake ndi ya mʼmadola. Kwacha ikagwa, monga inagwera ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, madola 10 omwewo amadya makwacha ochuluka popanda wokuuzani.

Tinakhala pa benchi kuseri kwa shopu kuti tiletse. Pa tsamba loyamba panalibe mawu oti kuletsa. Tinalowa pa Account, kenako Plans, kenako Manage plan, ndipo pansi penipeni, titatsetsereka mpaka chala kutopa, tinapeza kamzere kotuwa ka zilembo zingʼonozingʼono. Titakadina panabwera mabatani awiri. Lalikulu, lowala bwino, linali lakuti Keep my plan, kutanthauza kuti ndikhalabe. Loti tipitirize kuletsa linali kamzere kotuwa kena. Chala cha munthu chinazolowera kuthamangira batani lowala, ndipo achemwali analidina ndithu, tinayambiranso poyamba. Ulendo wachiwiri anatifunsa chifukwa chochokera, anatipatsa mtengo wotsitsa, anatipatsanso batani la Pause, lomwe limangoimitsa kwa kanthawi kenako kudula kumayambiranso kokha. Pomaliza penipeni panatuluka uthenga woti kuti timalize tiimbe foni.

Achemwali anati, “Kapena ndi umbuli wanga, achimwene, zinthu izi ndi za ana asukulu.” Ayi, si umbuli. Zinthu izi amazipanga dala anthu ophunzira, olipidwa bwino, amene amayesa kuti ndi mtundu uti wa batani umene ungabweze anthu ambiri. Katswiri wina wa ku Mangalande, a Harry Brignull, anazipatsa dzina mu 2010, dzina lomwe mʼChichewa tingati machenjera a mumdima. Chizindikiro chake chachikulu nʼchimodzi: yerekezani khomo lolowera ndi lotulukira. Ngati munalowa ndi kudina kawiri koma potuluka akufuna masamba asanu ndi foni, dziwani kuti muli mʼmono.

Musaganize kuti amachita izi ndi timakampani ta mʼmakwalala tokha. Mu Juni 2023 bungwe la boma la Amereka loteteza ogula, la FTC, linasumira kampani ya Amazon pa nkhani ya umembala wake wa Prime. Bungwelo linati wofuna kuchoka ankadutsa masamba 4, kudina ka 6, nʼkusankha pakati pa zinthu 15, ndipo ogwira ntchito mʼkampanimo njirayi ankaitchula kuti Iliad, dzina la nthano yaitali ya Agiriki ya nkhondo yosatherapo. Mu Seputembala 2025 Amazon inavomera kulipira madola 2.5 biliyoni kuti mlandu uthe. Chodabwitsa nʼchakuti ku Ulaya kampani yomweyi inali itafupikitsa kale njirayo mu 2022, kufika pa kudina kawiri, atayidandaulira mabungwe a ogula. Ndiye kuti batani losavuta amatha kulipanga, amangosankha woti amupatse. Za kukakamiza foni nazo zinagwetsapo ena: mu 2022 kampani ya mafoni ya Vonage inalipira madola 100 miliyoni, mwa zina chifukwa inkalola anthu kulembetsa pa intaneti koma pochoka inkati mpaka alankhule ndi munthu wake.

Foniyo cholinga chake nʼchiyani? Amene amayankha si kalaliki wofufuta maina, ndi munthu amene ntchito yake nʼkukubwezani. Ndipo kwa ife kuno foniyo ndi mpanda weniweni. Nambala imene anatipatsa inali ya ku Amereka, ija yoyamba ndi 1-800, yomwe ndi yaulere kwa okhala komweko koma osati kwa woimba ali ku Limbe. Maofesi awo akamatsegula 9 koloko mʼmawa ku New York, kuno imakhala 3 kapena 4 koloko madzulo, malinga ndi nyengo. Tinaimba. Tinamvera nyimbo mpaka mayunitsi anatha tisanamve mawu a munthu.

Apa mʼpamene ndinasiya kutsata njira imene anatikonzera. Ndinatsegula malamulo a kampaniyo, aja ali pansi pa tsamba olembedwa Terms, omwe tonse timavomera osawerenga. Simufunika kuwerenga onse. Gwiritsani ntchito kofufuzira mawu pa tsamba, lembani cancel, ndipo mudzafika pa ndime yokhayo yofunika. Mʼmenemo ndinapezamo zinthu ziwiri. Choyamba chinali keyala ya imelo yolandirira zidziwitso. Chachiwiri chinandiumitsa thupi: achemwali sanalembetse za mwezi ndi mwezi ayi, analembetsa pangano la chaka chathunthu lolipira pangʼonopangʼono, ndipo wochoka msanga alipire theka la miyezi yotsala. Pa tsamba lolembetsera, mawu oti chaka anali mʼtizilembo pansi pa mtengo. Chikomekome cha mkuyu, mʼkati muli nyerere.

Tinalemba imelo ya mizere itatu kuchokera pa keyala imene analembetsera: dzina, nambala ya akaunti, ndi mawu oti ndikuthetsa pangano kuyambira lero, musadulenso khadi langa, ndipo munditumizire umboni wolembedwa. Kenako tinatsegula kabokosi kochezera ndi kampani, ka Chat, nʼkumatamo mawu omwewo. Wa mbali inayo anayamba mwaulemu kufunsa chimene sichinatisangalatse. Apa musafotokoze. Chifukwa chilichonse chimene mungapereke ali nalo kale yankho lake: mukati nʼzodula akutsitsirani, mukati simuzidziwa akuphunzitsani. Ife tinangobwereza chiganizo chimodzi katatu. Atatiuza kuti tiimbe foni tinayankha kuti tili ku Malawi, nambalayo sitingaikwanitse, ndipo pempho lathu lalembedwa kale ndi tsiku lake.

Ndiye anaponya nyambo yomaliza: miyezi iwiri yaulere tikakhala. Achemwali maso anawala, “Si bwino zimenezo, achimwene?” Tinatenga cholembera. Miyezi yotsala inali 9, ya madola 10 uliwonse, pamodzi madola 90. Kuchoka lero ndi theka lake, madola 45. Kulandira mphatso ija ndiye kuti kulipirabe miyezi 7, madola 70, pa chinthu chimene sachigwiritsa ntchito, kuwonjeza apo pangano likanadzilembetsanso lokha chaka chikatha ngati aiwala. Tinasankha kulipira 45. Tinapempha kuti atikhululukire chindapusacho poti mawu a chaka anabisika, anakana, komabe inu muzipempha, pakuti ena amalola. Sabata imodzi yaulere ija inawadyera achemwali madola 75.

Tisanatseke tinajambula sikirini yonse ya zokambirana, tinalemba nambala ya pempho, nʼkudikira imelo yotsimikiza. Musachoke musanaone umboni wotere. Bwererani pa akaunti yanu mukaone ngati palembedwa tsiku limene pangano lithere. Ngati pakuonekabe tsiku lodzadula ndalama, ndiye kuti pali batani lina limene simunadine, chifukwa ambiri amaika tsamba looneka ngati lomaliza pomwe lomaliza lenileni lili kutsogolo. Mwezi wotsatira onaninso sitetimenti.

Ena adzati bwanji osangotseka khadi ku banki? Kutseka khadi kumaimitsa ndalama, koma sikuthetsa pangano. Kampani ingathe kumawerengabe ngongole, kutseka akaunti yanu ndi zonse munasungamo. Banki ndi ya pambuyo. Mukaletsa, muli ndi umboni, koma iwo akudulabe, pamenepo pitani ndi imelo ija mukakane ndalama imene yadulidwayo, ndipo pitani msanga chifukwa madandaulo otere ali ndi malire a masiku. Kampani ikakhala ya konkuno, kuli bungwe la Competition and Fair Trading Commission lolandira madandaulo a ogula. Ikakhala ya kutsidya kwa nyanja, dzanja la bungweli silifikako msanga, ndipo ngakhale ku Amereka komweko lamulo la 2024 loti kuchoka kukhale kosavuta ngati kulowa linathetsedwa ndi khoti mu Julayi 2025 lisanayambe kugwira ntchito mokwanira. Choncho mlonda woyamba ndinu.

Kwa ophunzira amene mumalembetsa maapu a nyimbo, a mabuku ndi a mafilimu, pali njira yachidule. Ngati apu ikulola kulipira kudzera mu Play Store kapena App Store, khomo lotulukira limakhala malo amodzi ndipo kampani singalibise. Pa foni ya Android tsegulani Play Store, dinani kachithunzi kanu pamwamba, kenako Payments & subscriptions, kenako Subscriptions. Pa iPhone lowani mu Settings, dinani dzina lanu, kenako Subscriptions. Mukapeza kuti apu imene ikukudulani mulibe mʼndandandamo, ndiye kuti munalembetsa pa tsamba la kampaniyo, ndipo nʼkomweko koletsera. Za masiku aulere, musadikire tsiku lomaliza. A Apple amanena okha kuti muletse kusanatsale maola 24, ndipo tsiku la kampani silitha nthawi imodzi ndi tsiku la kuno. Ikani alamu masiku awiri lisanafike.

Koma chachikulu chichitike musanalembe nambala ya khadi. Funani kaye potulukira. Onani ngati mtengo ndi wa mwezi weniweni kapena wa chaka wodulidwa zidutswa, ngati pali chindapusa chochokera msanga, ndiponso ngati kuletsa nʼkwa batani kapena kwa foni. Mukaona kuti pakufunika foni ya kunja, bwererani pomwepo. Achemwali anga tsopano wogulitsa akawauza kuti yesani ulere, amayamba afunsa kuti, “Nanga ndikatopa nazo, ndituluke bwanji?” Akachedwa kuyankha, iwo amabweza khadi mʼkachikwama.