Silaidi yomaliza isangonena kuti “Zikomo”

Tiyerekeze kuti mwafotokozera komiti ya sukulu za mjigo wowonongeka. Silaidi yomaliza imakhalitsa pakhoma nthawi yonse ya mafunso, nchifukwa chake kuitaya pa “Zikomo” yekha nkuluza. Ikanipo zochita ziwiri kapena zitatu, chilichonse chikhale ndi mwini wake ndi tsiku lake: mlembi apeze mitengo kwa amisiri awiri pofika Lachisanu, msungichuma abwere ndi lipoti pa 15.

Pansi pake, m'zilembo zikuluzikulu, pempho limodzi lokha: “Vomerezani lero kuti tigule mapaipi.” Mapempho akachuluka anthu amatola lopepuka, lija la ndalama nkulisiya. “Tithandizeni” nayenso sathandiza, poti aliyense amagwedeza mutu koma palibe wolonjeza kanthu. Mukamva wina akufunsa potuluka kuti “ndiye tagwirizana zotani?”, dziwani kuti silaidiyo yalephera.