Pepala la mayeso a histole likabwera pa foni: mmene mayankho ake amakonzedwera

Madzulo foni ya mphunzitsi wa histole imalira. Mnzake wa kusukulu ina watumiza pa WhatsApp zithunzi zitatu za pepala la mayeso oyeserera omwe ana a Fomu 4 alemba kumeneko sabata yatha. Uthenga wake ndi waufupi: "Aphunzitsi, mafunso ndi amenewo, koma mayankho sindinawapeze. Tithandizeni." Chithunzi choyamba chapendekeka. Pachiwiri pali mthunzi wa dzanja la wojambula, ndipo chachitatu chadula m'mphepete mwa kumanja, momwe mumakhala malikisi.

Pamenepa ambiri amangotenga cholembera n'kuyamba kuyankha mafunso, koma zinthu zofunika kukonza zilipo ziwiri zosiyana. China ndi ndondomeko yochongera, yomwe aphunzitsi amati makingi sikimu, ndipo imauza wochonga mfundo zolandira malikisi, kuchuluka kwa malikisiwo, ndi mfundo zoyenera kukanidwa. China ndi yankho lachitsanzo, losonyeza wophunzira mmene yankho lokwanira limaonekera likalembedwa bwino. Ndondomeko imalembedwera wochonga, yankho lachitsanzo limalembedwera mwana, ndipo zonse ziwiri zimadalira kuti funso lawerengedwa molondola.

Choncho ntchito yoyamba ndi kukopera pepala lonse pamanja kapena pakompyuta, liwu ndi liwu, pamodzi ndi manambala a mafunso ndi malikisi ake. Pamene sipakuoneka bwino pasiyidwe mpata ndi chizindikiro cha funso, osadzazapo zongoganizira. Pa histole chithunzi chosaoneka bwino n'choopsa kwambiri chifukwa phunziroli limayenda ndi zaka. Nambala 1 ndi 4 zikafufutika zimafanana, ndipo 1915 ikasanduka 1945 ndiye kuti mwachoka pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse n'kugwera kumapeto kwa yachiwiri. Onaninso manambala a masamba. Ngati muli ndi tsamba 2 ndi tsamba 4, ndiye kuti wojambula anaiwala kutembenuza pepala. Tsamba lachikuto nalonso lisasowe, poti ndi pamene palembedwa nthawi ya mayeso ndi chiwerengero cha mafunso oyenera kuyankhidwa.

Tiyeni titenge funso limodzi tilitsate mpaka kumapeto. Mapepala a histole amakhala m'Chingerezi, koma pano tiliika m'Chichewa. Funsolo likukamba za kuukira kwa John Chilembwe mu 1915, ndipo lili ndi magawo asanu. Loyamba likufuna dzina la mishoni yomwe anayambitsa ndi boma lomwe inali, malikisi 2. Lachiwiri likufuna dzina la bwana wa esiteti amene anaphedwa ku Magomero, malikisi 1. Lachitatu likuti tchulani njira zomwe Joseph Booth anathandizira Chilembwe, koma liwu losonyeza kuchuluka kwa njirazo lagwera mu mthunzi ndipo malikisi ake adulidwa. Lachinayi likuti fotokozani zifukwa zinayi za kuukirako, malikisi 8. Lachisanu likuti fotokozani zifukwa zitatu zomwe kunalepherera, malikisi 6. Pansi palembedwa kuti onse pamodzi ndi 20.

Chomwe chithunzi chabisa chimapezeka ndi masamu ochepa. Malikisi ooneka ndi 2, 1, 8 ndi 6, omwe akukwana 17, choncho gawo lachitatu lili ndi 3. Popeza funso lakuti "tchulani" kawirikawiri limapereka malikisi amodzi pa mfundo iliyonse, njira zofunsidwazo ziyenera kukhala zitatu. Komabe izi ndi zoyerekeza. Lembani m'mbali kuti nambalayo mwaipeza pochotsera, ndipo pemphani mnzanuyo ajambulenso tsambalo panja masana, pepala litagona pansi mosapindika, foni ili pamwamba pake penipeni.

Magawo aafupi amaoneka osavuta, koma ndi momwe ochonga amasiyanirana. Pa gawo loyamba yankho ndi Providence Industrial Mission, ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu. Ndondomeko inene poyera kuti dzina la mishoni ndi malikisi amodzi, boma ndi malikisi amodzi, ndiponso ngati chidule chakuti PIM chikuloledwa. Pa gawo lachiwiri yankho ndi William Jervis Livingstone, amene ankayang'anira minda ya A. L. Bruce. Ana ambiri amalemba kuti David Livingstone, munthu amene anamwalira mu 1873, zaka zoposa 40 kuukirako kusanachitike. Ndondomeko iyenera kukana dzina limeneli molitchula. Nanga mwana akangolemba "Livingstone" yekha? Nanga akalemba "Listonia", dzina lomwe anthu a ku Magomero ankamutchula nalo? Wokonza asankhe tsopano n'kulemba, kuti nkhaniyo isadzagamulidwe ndi mtima wa wochonga pa tsiku lochonga.

Pa gawo la Booth funso likufuna mfundo zitatu, koma ndondomeko ikhale ndi zoposera pamenepo. Booth anamulemba ntchito Chilembwe mu 1892, anamuphunzitsa za Chikhristu ndi kumubatiza, anamudziwitsa maganizo akuti Afirika ndi ya Aafirika, ndipo anapita naye ku Amereka mu 1897, komwe Chilembwe anaphunzira za ubusa ku Lynchburg m'chigawo cha Virginia. Pamwamba pa mndandandawo palembedwe kuti zitatu zilizonse mwa izi n'zololedwa. Ndondomeko yokhala ndi mfundo zitatu zokha imalanga mwana amene anawerenga buku lina losiyana ndi la mphunzitsi wake.

Ntchito yaikulu ili pa gawo lachinayi. Malikisi 8 pa zifukwa zinayi akutanthauza 2 pa chifukwa chilichonse, ndipo liwu lakuti "fotokozani" likutiuza magawidwe ake: amodzi potchula chifukwa, amodzi posonyeza mmene chinakankhira anthu kuukira. Mwana akalemba kuti "thangata" n'kulekera pomwepo, wapeza theka. Akapitiriza kuti anthu okhala pa minda ya azungu ankakakamizidwa kugwira ntchito m'malo molipira lendi, ndipo pa esiteti ya A. L. Bruce masiku a ntchitoyo ankawonjezedwa mpaka anthu kusowa nthawi yolima minda yawo, wapeza onse awiri. Mfundo zina zoyenera kukhala pa mndandanda ndi kulandidwa kwa malo m'dera la mapiri a Shire, msonkho wa nyumba, kutenthedwa kwa matchalitchi a PIM omwe anamangidwa pa esiteti, kunyozedwa kwa Aafirika ngakhale ophunzira, ndi kutengedwa kwa anthu kukamenya nkhondo ya azungu yomwe inayamba mu 1914. Pa mfundo yomalizayi mwana wodziwa bwino angatchule kalata yodandaula yomwe Chilembwe analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times mu Novembala 1914, nkhondo ya ku Karonga itachitika.

Pansi pa mndandandawo pakhale malamulo awiri. Loyamba: mfundo imodzi yovekedwa malaya awiri iwerengedwe kamodzi. Mwana akalemba thangata ngati chifukwa choyamba, kenako "kugwira ntchito osalipidwa" ngati chachiwiri, wanena chinthu chimodzi. Lachiwiri: zomwe zinachitika pa kuukirako kapena pambuyo pake si zifukwa zake. Kuphedwa kwa Livingstone usiku wa pa 23 Januwale 1915 ndi mbali ya kuukirako, ndipo kugwetsedwa kwa tchalitchi cha ku Mbombwe ndi chotsatira chake. Zonsezi n'zoona, koma sizikuyankha funso lomwe lafunsidwa. Ochonga achifundo amatayira malikisi apa chifukwa akuona kuti mwanayo nkhani akuidziwa.

Gawo lachisanu limayenda chimodzimodzi, malikisi 2 pa chifukwa chilichonse. Zida zinali zochepa, poti gulu lomwe linapita kukathyola nkhokwe ya mfuti ya kampani ya African Lakes ku Blantyre linabwerako ndi mfuti zowerengeka. Magulu a m'madera ena, monga la Filipo Chinyama ku Ntcheu, sanayendere limodzi ndi la ku Chiradzulu. Mafumu ambiri sanalowe nawo, ndipo boma linali ndi asilikali ophunzitsidwa. Apa histole imasiyana ndi masamu, chifukwa akatswiri a mbiri sagwirizana pa cholinga chenicheni cha Chilembwe. Ena amati ankafuna kulanda boma, pamene ena, potsata zomwe analemba George Mwase, amati ankadziwa kuti adzafa ndipo ankafuna kuti imfa yake ikhale umboni wa madandaulo a anthu. Mwana akalemba kuti kuukirako kunalephera chifukwa sikunakonzedwe kuti kukhale nkhondo yaitali, ndipo wapereka umboni, ndondomeko imusiyire malo. N'chifukwa chake pamapeto pa mndandanda pamalembedwa kuti mfundo ina iliyonse yoona ndi yofotokozedwa bwino ilandiridwe.

Yankho lachitsanzo limabwera ndondomeko itatha, ndipo limalembedwa pa msinkhu wa mwana, osati wa mphunzitsi. Pa gawo lachinayi zikhale ndime zinayi zazifupi, iliyonse ya ziganizo ziwiri kapena zitatu: chifukwa, kenako kufotokoza. Musaikemo mfundo zonse zisanu ndi imodzi pamene funso lafuna zinayi, chifukwa mwana adzaganiza kuti kuchulutsa ndiko kukhoza. Dziyeseni ndi wotchi. Ngati inu mphunzitsi mwatenga mphindi 20 pa gawo la malikisi 8, mwana sangakwanitse m'chipinda cha mayeso. Mukamaliza, chongani yankho lanulo ndi ndondomeko yanu yomwe. Likapanda kupeza malikisi onse, chimodzi mwa ziwirizo chili ndi vuto.

Zaka ndi maina zitsimikizidwe ndi buku, osati ndi kukumbukira kokha. Dziko limakumbukira Chilembwe pa 15 Januwale chaka chilichonse, ndipo n'kosavuta kulemba tsikuli ngati tsiku la kuukira, pamene kunayamba pa 23 Januwale ndipo iye anaphedwa pa 3 Febuluwale. Cholakwika chotere chikalowa mu ndondomeko, kalasi lonse limachiloweza.

Kuti mudziwe ngati ndondomeko yapsa, tengani mapepala khumi a ana, abwino ndi ofooka omwe. Chongani inu osalembapo kanthu, mnzanu achongenso payekha, kenako yerekezani. Kusiyana kwa malikisi amodzi pa 20 sikudetsa nkhawa, koma mukasiyana ndi atatu kapena anayi pa pepala limodzi, fufuzani gawo lomwe mwasiyanirana. Kawirikawiri mudzapeza kuti pali yankho lomwe ana ambiri alemba koma ndondomeko sinanenepo kanthu. Onjezani lamulo pamenepo musanachonge mulu wonse.

Pamwamba pa zomwe mwakonzazo lembani dzina la pepala, chaka chake, ndi mawu akuti mayankhowa akonzedwa ndi mphunzitsi, si a MANEB kapena a amene anakonza mayesowo. Zinthu za pa foni zimayenda kutali, ndipo zikafika kusukulu yachisanu anthu amayamba kuzitenga ngati za boma. Komanso musanagwire ntchito yonseyi, funsani wotumizayo funso limodzi: "Kodi pepalali ana alemba kale?" Ngati sanalembe, chithunzicho ndi mayeso obedwa, ndipo kuchikonzera mayankho ndi mlandu.