Kusukulu yakunja: kusowa kwanu kukasanduka matenda mungadziwe bwanji?

Mwezi wa Seputembala ukafika, pa Facebook sipasowa chithunzi cha mwana wa kuno ku Salima ali pabwalo la ndege la Kamuzu, chikwama m'manja, ulendo wa kusukulu yakunja. Inenso ndinaikapo chotere. Chimene sindinaikepo ndi chakuti patatha miyezi inayi ndinali nditasiya kupita m'kalasi, ndikungogona m'chipinda ku Glasgow, m'dziko la Scotland. Ndalemba izi kuti amene muli kunja, ndi inu amene muli ndi m'bale kumeneko, mudziwe pamene kusowa kwanu kumathera ndi pamene matenda amayambira.

Ndinakulira ku Senga Bay. Kwathu kuno sungachoke pakhomo kukagula usipa kunyanja osapatsana moni ndi anthu khumi. Wakabaza amakufunsa za kumudzi asanayambe n'kupalasa komwe. Masabata oyamba ku Glasgow zonse zinkandisangalatsa, ndimvekere kujambula paliponse. Kenako tinthu ting'onoting'ono tinayamba kundilemera. Kachizungu kawo kumeneko kankandipita, ndinkangomwetulira ngati ndamva. Anzanga a m'nyumba imodzi aliyense ankaphika zake n'kukadyera kuchipinda kwake. Pofika Disembala dzuwa linkatuluka cha m'ma 8:45 m'mawa n'kulowa 4 koloko isanakwane. Mwana wa ku Salima, wozolowera thukuta, kumakhala mumdima choncho!

Zimenezi zili ndi dzina, amati kalicha shoko. Katswiri wa za chikhalidwe Kalervo Oberg anazifotokoza mu 1960: munthu amasokonezeka chifukwa zizindikiro zonse zimene ankadalira osaziganizira n'komwe, monga kapatsidwe ka moni, nthabwala, ndi nthawi yoyenera kulankhula, zasowa nthawi imodzi. Iye anati ambiri amayamba ndi kusangalala, kenako kuipidwa ndi malowo, kenako kuyamba kuzolowera, pomaliza n'kukhazikika. Si onse amayenda m'ndondomeko imeneyi, ena zimawavuta kuyambira tsiku lofika. Koma chachikulu n'chakuti kalicha shoko payokha si matenda. Kulira ukamva nyimbo ya kwanu, kulakalaka nsima ya chambo, kutopa ndi chizungu cha tsiku lonse, zonsezi n'zachibadwa. Paja kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka.

Nanga malire ali pati? Sali pa kuchuluka kwa misozi ayi. Funso ndi lakuti: kodi moyo wanu ukuyendabe? Mu Novembala ndinkasungulumwa kwambiri, koma ndinkadzuka, kusamba, kupita m'kalasi, kupereka ntchito pa nthawi yake. Mnzanga wa ku Zambia akandiitana kukadya nsima ndinkapita, ndipo ndinkabwerako nditapepukidwa. Kumeneko kunali kuzolowera kowawa basi. Mu Januwale zinasintha. Maganizo anangozungulira pa chinthu chimodzi: ndinabwereranji kuno? Tsamba limodzi ndinkaliwerenga kanayi osatolapo kanthu. Tulo tinkabwera cha m'ma 3 koloko usiku. Ndinajomba sabata ziwiri, ntchito imodzi sindinapereke, ndipo mnzanga uja akaimba ndinkangoyang'ana foni mpaka idule.

Amene anandikoka ndi mnzangayo. Anabwera kudzagogoda, nati, “Aise, ukudwala iwe. Mawa tipitira limodzi kwa dokotala.” Ndinakana kaye, poti mwamuna salira eti, koma ndinapita. Ku Britain wophunzira amalembetsa kwa dokotala wa m'dera lake, amene amamutcha GP, ndipo ndi poyambira. Dokotalayo anandipatsa pepala la mafunso asanu ndi anayi, lotchedwa PHQ-9, lofunsa za sabata ziwiri zapitazo: tulo, chakudya, mphamvu, chidwi pa zinthu, ndiponso ngati ndinaganizapo zodzivulaza. Anandiyezanso magazi, chifukwa kuchepa kwa magazi kapena vuto la chithokomiro nazonso zimafooketsa munthu mofanana ndi matenda a maganizo.

Mapeto ake anati ndili ndi vuto lolephera kuzolowera, limene achipatala amalitcha ajasitimenti disoda. Amalizindikira chonchi. Pamakhala chinthu chodziwika chimene chasintha moyo wa munthu, monga kusamukira dziko lina. Zizindikiro zimayamba pasanathe miyezi itatu chichitikireni chinthucho. Ululu wake umaposa umene ungayembekezereke, kapena umasokoneza sukulu, ntchito ndi kucheza ndi anthu. Ndipo chimene chinayambitsacho chikatha, vutolo siliyenera kupitirira miyezi isanu ndi umodzi. Kwa ine zinayamba mu Disembala, miyezi itatu isanakwane, ndipo mu Januwale ndi pamene sukulu inaima.

Izi zimasiyana ndi dipuleshoni, matenda amene kuno ambiri timangoti kuganiza kwambiri. Pa dipuleshoni munthu amakhala wokhumudwa kapena wopanda chidwi ndi chilichonse pafupifupi tsiku lonse, tsiku ndi tsiku, kwa sabata ziwiri kapena kuposerapo, pamodzi ndi zina monga kusadya, kudziona wachabechabe ndi kuganiza za imfa. Ine mayi akaimba n'kuyamba kusimba za anthu a pamudzi ndinkasekabe, ndipo dokotala anaona kuti zizindikiro zanga sizinakwane za dipuleshoni. Koma anandichenjeza kuti vutoli likalekereredwa limatha kukafika komweko. Kusiyanitsa ziwirizi ndi ntchito ya dokotala, osati ya gulu la pa WhatsApp.

Mankhwala akumwa sanandipatse. Chithandizo chachikulu cha vutoli ndi uphungu, ndipo ndinakumana ndi phungu wa pasukulu kangapo, kwaulere. Tinagwirizana zinthu zooneka zazing'ono: kudzuka nthawi imodzi tsiku lililonse, kutuluka panja masana kukadali kowala, kudya ndi munthu wina kawiri pasabata, ndi kuchepetsa kuchezera usiku pa foni kuonera masitetasi a kunyanja. Foni ija inkanditonthoza, komanso inkandichititsa kuti thupi likhale ku Scotland mtima uli pa Kamuzu Road. Phunguyo anandithandizanso kupempha nthawi yoonjezera pa ntchito ndinalephera ija. Pofika Epulo, masiku atatalika, ndinali nditabwerera m'kalasi bwinobwino.

Pali chizindikiro chimodzi chimene sichidikira sabata ziwiri kapena miyezi itatu. Ngati mwayamba kuganiza zodzipha, kapena kuti anthu angapume inu mutachoka, uzani munthu lero lomwe. Musanyozere poti dzina lake likumveka lopepuka, vuto lolephera kuzoloweranso limatha kumufikitsa munthu pamenepo. Ku Britain mukhoza kuimba 116 123 kwa a Samaritans nthawi iliyonse kwaulere, kapena 999 zikafika pangozi. Amene muli m'maiko ena, sungani nambala ya chithandizo ya pasukulu panu m'sabata yoyamba, musanaifune. Kwa amene wabwerako ali chomwecho, yambirani pachipatala cha boma cha Salima. Chithandizo chapadera chiliko ku Zomba Mental Hospital ndi ku St John of God ku Lilongwe ndi ku Mzuzu.

Inu otsala kumudzi, chimene chinanditseka pakamwa kwambiri ndi mawu akuti “iwe zako zinayera”. Ukadandaula bwanji pamene anthu akukupempha yogulira feteleza? Ndiye mukamuimbira m'bale wanu, musangofunsa ngati kukuzizira. Mufunseni kuti wagona nthawi yanji, wadya ndi ndani sabata ino, m'kalasi wapita kangati. Akayankha mozemba kawiri katatu, funsani dzina la mnzake amene ali naye pafupi, ndipo mumuimbire ameneyo.